Tsitsi Likamathothoka Munthu Ali pa Mankhwala

Pamzere wa kuchipatala, kaya ndi tsiku lolandira ma ARV kaya la odwala shuga, funso la tsitsi silimveka kawirikawiri. Adokotala amafunsa za chifuwa, za sikelo ndi za mapiritsi otsala. Wodwala amayankha, buku lake n'kulembedwa, iye n'kutuluka duku lili chimangire. Koma pansi pa dukulo nthawi zina pamakhala nkhani yomwe yakhala ikumusowetsa tulo: tsitsi lotsalira pachipeso m'mawa uliwonse, khungu loyabwa mpaka kutuluka timagazi, kapena malo ena paliwombo omwe ayamba kung'anima. Amaopa kufunsa poganiza kuti amuona ngati wodandaula za kutchena pomwe anzake pamzerepo akudwaladi.

Kukhala chete kumeneku kumapweteketsa. Munthu akapanda kufunsa kuchipatala amakafunsa kusaluni, kumsika kapena kwa mnansi, ndipo yankho lomwe amapeza msanga ndi lakuti mapiritsi ndiwo akumudya tsitsi. Ena amayamba kudumphitsa mankhwala. Ena amasiyiratu. Chomvetsa chisoni n'chakuti kawirikawiri mapiritsiwo amakhala osalakwa. Tsitsi lili ndi khalidwe lomwe ambiri salidziwa: limachedwa kuonetsa zomwe zachitika m'thupi. Lomwe likugwa lero linasiya kukula miyezi iwiri kapena itatu yapitayo.

Chifukwa chake nkhaniyi ndi yolemera kwathu kuno

Amene anakula m'zaka za m'ma 1990 amakumbukira momwe anthu ankayezerana ndi maso. Munthu akaonda, tsitsi lake n'kupepuka, n'kuwongoka ngati la khanda, manong'onong'o ankayamba asanafike n'komwe kuchipatala. Ngakhale Edzi isanabwere, akuluakulu ankatchula kale tsitsi lopepuka pofotokoza tsempho ndi kanyera. Choncho tsitsi la munthu wodwala lakhala likuwerengedwa ngati umboni wa khalidwe lake, osati wa thanzi lake lokha. Boma linayamba kupereka ma ARV aulere mu 2004, ndipo lero anthu pafupifupi miliyoni imodzi m'Malawi muno ali ndi HIV, ambiri mwa iwo akugwira ntchito zawo ali ndi tsitsi lodzaza mutu. Koma mantha akale aja sanathe. Mayi akaona tsitsi lake likuchepa, choyamba kubwera m'maganizo si matenda ayi, koma zomwe anthu anene kutchalitchi ndi pachitsime.

Kuwongoka kwa tsitsi la munthu wakuda akadwala kwambiri n'koona, si nthano. Dokotala wa matenda a pakhungu wa ku Lagos m'dziko la Nigeria, Frances Ajose, analemba mu 2012 za matenda omwe amasandutsa tsitsi lopiringizika kukhala losalala ndi lofewa. Edzi inali pamndandandawo, koma panalinso chifuwa chachikulu cha TB chomwe chaondetsa munthu, nyamakazi yotupitsa mfundo za mafupa, ndi matenda ena omwe chitetezo cha thupi chimaukira mwini wake. Mwana wosowa zakudya m'thupi nayenso tsitsi lake limafiira n'kupepuka. Tsitsi lotere limangonena kuti thupi lakhala pamavuto kwa nthawi yaitali. Silitchula dzina la matenda, ndipo yemwe amayeza mnzake HIV poyang'ana m'mutu amalakwitsa, komanso amalakwira munthu.

Miyezi itatu ija

M'mutu mwa munthu wamkulu muli tsitsi pafupifupi 100,000 mukaliwerenga limodzilimodzi, ndipo lililonse lili ndi muzu wake pansi pa khungu. Muzu umakulitsa tsitsi kwa zaka ziwiri mpaka zisanu ndi chimodzi, kenako umapuma kwa miyezi itatu. Nthawi yopumayi ikatha, tsitsi lakale limagwa ndipo latsopano limayamba kutulukira pamalo omwewo. Mizu siipumira limodzi. Pa mizu khumi iliyonse, pafupifupi isanu ndi inayi imakhala ikugwira ntchito, umodzi wokha ndiwo uli patchuthi. N'chifukwa chake munthu wabwinobwino amataya tsitsi 50 mpaka 100 patsiku koma mutu wake suoneka kusintha.

Thupi likakumana ndi vuto lalikulu, monga kutentha thupi kwa masiku ambiri, kuonda mwadzidzidzi, opaleshoni, kubereka, kapena shuga yemwe wakwera kwa miyezi osadziwika, limayamba kusankha komwe mphamvu zake zipite. Mtima, ubongo ndi chitetezo zimakhala patsogolo. Tsitsi limakhala kumapeto. Mizu yambiri imauzidwa kupuma nthawi imodzi, koma tsitsi lake siligwa tsiku lomwelo. Limakhalabe m'mutu, losakula, mpaka miyezi itatu ija itakwana. Likamadzagwa lonse pamodzi, mwini wake amakhala atachira kale, ndipo saonanso kugwirizana kwa zinthu ziwirizi.

Tiyerekeze mayi wa zaka za m'ma 30 yemwe amagulitsa tomato pamsika. Mu Januwale wayamba kutsokomola, kutuluka thukuta usiku ndi kusowa chilakolako cha chakudya. Chitenje chikuyamba kumuzungulira kawiri. Mu Febuluwale apita kuchipatala, amupeza ndi TB komanso HIV. Amuyambitsa mankhwala a TB a miyezi isanu ndi umodzi, ndipo pasanathe milungu iwiri amuyambitsanso ma ARV, limodzi ndi bakitirimu woteteza ku matenda ena. Malichi akutha chifuwa chachepa, akudya bwino, sikelo yayamba kukwera.

Chakumapeto kwa Epulo, pamene aliyense akumuuza kuti wayamba kuoneka bwino, tsitsi liyamba kuyoyoka. Lili papilo, lili m'beseni, lili pachipeso. Akawerengetsa, akuona chinthu chimodzi chokha chatsopano pamoyo wake: mapiritsi omwe anayamba miyezi iwiri yapitayo. Apa ndi pomwe ambiri amapunthwa. Tsitsi lomwe likugwa mu Epulo ndi Meyi linaima kukula mu Januwale ndi Febuluwale, nthawi ya kutentha thupi ndi kuonda, mapiritsi asanalowe n'komwe mkamwa. Ndipo chomwe chikulikankha kuti ligwe ndi tsitsi latsopano lomwe layamba kumera pansi pake chifukwa thupi lapeza mphamvu.

Mayiyu akapitiriza mankhwala, kuyoyokako kumachepa pofika Julayi kapena Ogasiti. Akayang'ana pagalasi pamalire a tsitsi ndi chipumi aona timatsitsi tatifupi, tofewa, toimirira. Tsitsi limakula pafupifupi sentimita imodzi pamwezi, ndipo lathu lopiringizikali limachedwerapo pang'ono komanso limabisa kutalika kwake, choncho mutu sudzaoneka wodzaza mpaka chaka chitazungulira. Mu Ogasiti momwemo, miyezi isanu ndi umodzi chiyambire ma ARV, amutenga magazi oona kuchuluka kwa tizilombo, ndipo zotsatira zake ndi zomwe zinganene zoona za mmene mankhwala akugwirira ntchito. Akanasiya mapiritsi mu Meyi, TB ikanabwerera, kachilombo kakanachulukanso, ndipo miyezi itatu kutsogolo tsitsi likanagwanso kachiwiri, ulendo uno pachifukwa chenicheni.

Pali njira yosavuta yodziwira kuyoyoka kwa mtundu umenewu. Tsitsi limachepa mutu wonse mofanana, popanda malo ena ometeka, ndipo khungu limakhala labwinobwino, losayabwa, lopanda zilonda. Tsitsi logwalo mukaliika papepala loyera limakhala lalitali, ndipo kumapeto kwake kuli kamutu kakang'ono kotuwa. Kamutuko si muzu wozuka ayi, muzu uli m'malo mwake. Koma ngati zomwe zikugwa ndi tizidutswa tatifupi topanda kamutu, ndiye kuti tsitsi likuduka, ndipo vuto lili ku mankhwala owongolera, moto wa chowumitsira kapena kapesedwe.

Amayi oluka ayeneranso kudziwa masamu awa. Tsitsi lomwe limayenera kugwa tsiku ndi tsiku limakodwa m'malukomo. Munthu akakhala ndi meshi milungu isanu ndi umodzi, tsiku lomasula amachotsa tsitsi la masiku 42 nthawi imodzi, lomwe likhoza kupitirira 2,000. Mpira wa tsitsi womwe umatsala m'manja tsiku limenelo umaopsa kuuona, koma pawokha si chizindikiro cha matenda.

Si kuti mankhwala sangathothole tsitsi. Mankhwala a khansa amatero ndithu. Pa ma ARV akale panali ena omwe ankadziwika ndi vutoli, ndipo zidovudini amatha kuchepetsa magazi, zomwe zimafooketsa tsitsi. Koma piritsi limodzi patsiku lomwe anthu ambiri m'Malawi akhala akumwa kuyambira 2019, lokhala ndi tenofovira, lamivudini ndi dolutegiravira, silidziwika ngati lothothola tsitsi mwa anthu ambiri. Wokayikira afunse adokotala, omwe ali ndi mphamvu yosintha mankhwala ngati pali chifukwa. Chomwe sichidikira tsiku la sikelo ndi ichi: munthu yemwe wangoyamba mankhwala atsopano, makamaka bakitirimu, akatuluka zidzolo thupi lonse, n'kutentha thupi, maso n'kufiira, mkamwa n'kutuluka zilonda, apite kuchipatala tsiku lomwelo.

Khungu ndilo limauza zambiri

Dokotala wodziwa ntchito yake akauzidwa za tsitsi sayamba ndi tsitsilo. Amapempha wodwala kuti avule duku kapena wigi, n'kupita naye powala, n'kumagawa tsitsi ndi zala kuti aone khungu. Zomwe akufuna kudziwa ndi zochepa: kodi pali mfundu, pali mafinya, pali malo ometeka, ndipo timabowo tomwe tsitsi limatulukira tikuonekabe kapena tatsekeka?

Mwa anthu omwe ali ndi HIV, chomwe chimapezeka kwambiri ndi mfundu wamphamvu. Si uja woyera wongoyoyokera pamapewa. Uwu ndi wachikasu, wamafutamafuta, womatirira pakhungu, ndipo sukhala m'mutu mokha. Umatsikira m'nsidze, m'mbali mwa mphuno, kuseri kwa makutu, m'ndevu, nthawi zina mpaka pachifuwa. Pakhungu lakuda kufiira sikuoneka bwino, m'malo mwake pamatsala timawanga totuwa kapena toderapo m'malire a tsitsi. Umayamba chifukwa cha kafangasi komwe kamakhala pakhungu la munthu aliyense n'kumadya mafuta a pakhungupo. Chitetezo chikatsika, thupi limalephera kukhala nako mwamtendere. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linaika vutoli pamndandanda wa zizindikiro za gawo lachiwiri la matenda a HIV, limodzi ndi mashingozi ndi mafangasi a m'zikhadabo. Tanthauzo lake ndi lakuti munthu wamkulu yemwe mfundu wotere wamubukira mwadzidzidzi n'kumakana mankhwala achita bwino kukayezetsa, ndipo kwa yemwe ali kale pa ma ARV, kubwereranso kwake mwamphamvu ndi chifukwa chokwanira chofunsira ngati tizilombo sitinayambenso kuchuluka.

Cholakwika chomwe ambiri amachita n'chomveka. Akaona makoko amaganiza kuti khungu lauma, ndiye amalikhutitsa mafuta m'mawa ndi madzulo, n'kuchepetsa kuchapa kuti tsitsi lisaduke. Mafuta ambiri ochokera ku zomera ndi chakudya cha kafangasi kaja, ndipo makoko amangomatirira kwambiri. Mankhwala ake ndi shampu ya ketokonazo ya 2 peresenti. Imapakidwa pakhungu penipeni, osati pamwamba pa tsitsi, ndipo imasiyidwa mphindi zisanu isanatsukidwe. Amene amaitsuka nthawi yomweyo ngati sopo wamba amangotaya ndalama. Poyamba imagwiritsidwa ntchito kawiri pamlungu kwa milungu iwiri mpaka inayi, kenako kamodzi pamlungu kapena pamilungu iwiri kuti vuto lisabwerere. Imaumitsa tsitsi, choncho mafuta pang'ono apite kunsonga za tsitsi, khungu alisiye. Mfundu wotere supha mizu. Tsitsi limachepa chifukwa cha kukanda ndi kutupa kwa khungu, ndipo limabwerera khungu likazizira.

Chipere cha m'mutu ndi nkhani ina. Timachidziwa ngati matenda a ana a sukulu: malo ozungulira, otuwa, tsitsi lodukira pafupi ndi khungu, mwanabere kukhosi. Munthu wamkulu sachigwira kawirikawiri, choncho chikamugwira, funso la chitetezo kapena shuga liyenera kufunsidwa. Kirimu yekha sachiza chipere cha m'mutu chifukwa fangasi wake amakhala m'kati mwa tsitsi lenilenilo, pansi pa khungu. Pamafunika mapiritsi, monga giriseofuluvini, kwa milungu isanu ndi umodzi mpaka isanu ndi itatu, omwe amalowa bwino m'thupi akamwedwa ndi chakudya cha mafuta. Wolemba mapiritsiwa ayenera kuuzidwa mankhwala ena onse omwe munthu akumwa, kuphatikizapo akulera, ndiponso ngati mayi ali woyembekezera. Ana a m'nyumbamo nawonso aonedwe, apo ayi chipeso chimodzi chija chidzabweretsanso matenda.

Apa payenera kunenedwa za timachubu ta makirimu tomwe timagulitsidwa m'misika ndi m'magolosale, ena mwa iwo omwewo oyeretsa khungu. Ambiri ali ndi mankhwala amphamvu ochepetsa kutupa. Munthu akapaka pachipere, kuyabwa kumatha m'masiku awiri, iye n'kusangalala. Koma mankhwalawo amagonetsa chitetezo cha pamalopo, fangasi n'kufalikira mwakachetechete, ndipo pofika kuchipatala chiperecho chimakhala chitasintha maonekedwe moti n'chovuta kuchizindikira. Kwa munthu yemwe chitetezo chake n'chotsika kale, kapena wa shuga, kirimu wotere amawonjezera moto.

Pali kuthothoka kwina komwe kumaphonyedwa kawirikawiri chifukwa sikuwawa, sikuyabwa. Tsitsi limachoka timalo ting'onoting'ono tambirimbiri, makamaka m'mbali ndi kumbuyo kwa mutu, nthawi zina ndi nsidze zomwe. Ichi chikhoza kukhala chindoko chomwe chalowa m'magazi, miyezi ingapo chilonda choyamba chitapola chokha n'kuiwalika. Dokotala akakayikira amayang'ana m'manja ndi kumapazi ngati muli timawanga, n'kuyeza magazi. Jakisoni wa penisilini amachiza, ndipo tsitsi limamera. Poti chindoko ndi HIV zimayenda njira imodzi, wopezeka ndi chimodzi ayezedwenso chinacho, limodzi ndi wokondedwa wake.

Shuga amalowera njira zina

Kafukufuku wa boma ndi WHO wa mu 2009 anapeza kuti akuluakulu pafupifupi 6 mwa 100 aliwonse m'Malawi anali ndi shuga wokwera, ndipo ambiri sankadziwa. Matendawa sathothola tsitsi mwachindunji monga momwe ena amaganizira. Amadutsira m'njira zam'mbali. Yoyamba ndi ya miyezi itatu ija. Munthu amatha theka la chaka akumwa madzi osakhuta, akukodza usiku wonse, akuonda. Akamupeza ndi shuga n'kumuyambitsa metifomini kapena insulini, tsitsi limadzagwa pambuyo, ndipo mlandu umagwera mankhwala.

Pamenepo pamawonjezereka vuto la kadyedwe. Munthu akangouzidwa kuti ali ndi shuga, abale onse amasanduka alangizi. Uyu aletsa nsima, uyu nyama, uyu zipatso, uyu nyemba, mpaka wodwala amatsala ndi masamba owiritsa ndi kamgaiwa kochepa. Shuga amatsikadi, koma thupi limasowa zomangira, ndipo tsitsi, lomwe limapangidwa ndi mapuloteni, limakhala loyamba kumanidwa. Nyemba, nandolo, soya, mazira, usipa ndi matemba sizoletsedwa kwa wodwala shuga. Mayi yemwe amataya magazi ambiri pamwezi amakhalanso ndi mwayi waukulu wosowa ayironi, ndipo tiyi womwera pachakudya amalepheretsa ayironi wa m'masamba ndi nyemba kulowa bwino m'thupi. Metifomini akamwedwa zaka zambiri amatha kuchepetsa vitamini B12, zomwe zimabweretsa kuchepa kwa magazi ndi dzanzi kumapazi. Zonsezi zimaoneka poyeza magazi, ndipo kuyeza kuchuluka kwa magazi kumachitika m'zipatala zambiri, ngakhale zazing'ono.

Njira yoopsa kwambiri ndi ya zilonda. Shuga akakhala wokwera, asilikali a m'magazi amafooka, timitsempha ting'onoting'ono todyetsa khungu timawonongeka, ndipo kabala kakang'ono kamachedwa kupola. M'mutu zimayamba ngati tiziphuphu ta mafinya pamizu ya tsitsi, kawirikawiri patapita masiku ochepa munthu atameta mpala. Pankhongo, pomwe kolala imakhuza ndiponso khungu ndi lochindikala, tiziphuphuti tikhoza kulumikizana pansi n'kupanga chithupsa chachikulu, cholimba, chotentha, chotulutsa mafinya pamabowo angapo. Madokotala akaona chithupsa chotere pankhongo pa bambo wachikulire, chinthu choyamba amayeza shuga, ndipo si mwa apo ndi apo pomwe matendawa amadziwikira pamenepo. Chithupsachi sichofinya kunyumba. Chimafunika kutumbulidwa kuchipatala, mankhwala opha tizilombo, ndi kutsitsa shuga, pakuti chilondacho chimakweza shuga ndipo shugayo amadyetsa chilonda. Chikapola chimasiya chipsera chomwe sipameranso tsitsi.

Kusiyana kwa tsitsi lomwe libwerera ndi lomwe silibwerera kuli pamenepa. Muzu wa tsitsi uli ngati chitsa cha m'munda: chongodulidwa chimaphukira mvula ikagwa, koma chotenthedwa mpaka pansi chatha. Pamalo pomwe tsitsi lachoka koma timabowo tikuonekabe, chiyembekezo chilipo. Pomwe khungu lasalala, likung'anima, timabowo tatsekeka, palibe mafuta, shampu kapena mankhwala azitsamba omwe angameretsepo tsitsi, ngakhale wogulitsa alumbire chotani.

N'chifukwa chake amayi a shuga ayenera kusamala ndi dazi lina lomwe limayambira paliwombo n'kumakula mozungulira pang'onopang'ono, chaka ndi chaka. Limapezeka kwambiri mwa amayi akuda, ndipo kafukufuku wina wamkulu wa ku America pakati pa amayi akuda, yemwe zotsatira zake zinatuluka mu 2019, anapeza kuti omwe anali ndi shuga wa akuluakulu ankakhala ndi dazi lalikulu la paliwombo kawirikawiri kuposa anzawo. Poyambirira pake pamangomveka kuwawa pang'ono mukakhudza, kuyabwa, kapena tsitsi la pamalopo limangoduka osatalika. Amayi ambiri amaphimbapo ndi wigi kwa zaka, n'kudzafika kwa dokotala malowo atakula ngati chikhatho. Mankhwala opaka, obaya pakhungu ndi akumwa amatha kuimitsa kufalikira kwake, koma pomwe papsa kale pamakhala pomwepo. Yemwe wafika msanga ndiye amapulumutsa tsitsi lochuluka.

Achinyamata a shuga wa insulini, uja woyamba munthu ali mwana, ali ndi nkhani yawoyawo. Shuga wawo amabwera chifukwa chitetezo cha thupi chinaukira kapamba, ndipo chitetezo chomwecho chimatha kuukiranso mizu ya tsitsi kapena chithokomiro. Chikaukira tsitsi, munthu amadzuka ndi malo ozungulira ngati ndalama yachitsulo, osalala, opanda makoko, osawawa. Kumudzi ena amati ameta ndi afiti. Timabowo timakhala tilipo, ndipo mwa ambiri tsitsi limamera lokha chaka chisanathe, poyamba loyera kenako n'kuda. Chithokomiro chikafooka, tsitsi limauma n'kuchepa mutu wonse, munthu amamva kuzizira, amatopa, amanenepa. Kuyeza kwake kumapezeka kwambiri m'zipatala zikuluzikulu.

Kusaluni ndi kometa

Zambiri zomwe zimathera m'chipsera zimayambira pampando wa kusaluni. Polofesa Nonhlanhla Khumalo wa pa yunivesite ya Cape Town anafufuza amayi a ku Langa, mumzinda womwewo, ndipo anapeza kuti pafupifupi mmodzi mwa atatu aliwonse anali ndi dazi la m'malire a chipumi lobwera chifukwa cha kukoka. Chiopsezo chinali chachikulu kwambiri pamene maluko kapena meshi amangidwa patsitsi lowongoledwa ndi mankhwala. Tsono taganizani mayi yemwe tsitsi lake layoyoka chifukwa cha matenda. Pofuna kubisa, amapita kukaliwongola, n'kumangitsa meshi yolemera patimatsitsi tochepa totsalato. Kuyoyoka komwe kukanatha kokha kumasanduka dazi losatha.

Muyeso wake ndi wosavuta. Maluko omwe akupweteka mpaka munthu kumwa panado kuti agone, kapena omwe atulutsa tiziphuphu m'malire a tsitsi, athina mopitirira, ndipo ayenera kumasulidwa tsiku lomwelo ngakhale ndalama zapita. Mankhwala owongolera tsitsi amawotcha khungu akakhalitsa. Kwa wina aliyense kupsako ndi nkhanambo ya masiku ochepa, koma kwa wa shuga kapena wa chitetezo chotsika kukhoza kukhala chilonda cha milungu. M'miyezi yomwe tsitsi likuyoyoka kapena khungu lili ndi vuto, nzeru ndi kulisiya lachilengedwe, kulidula lalifupi, kapena kuvala duku lomasuka. Wigi ndi yabwino ngati ivulidwa usiku ndipo pansi pake pakuchapidwa mlungu uliwonse.

Kwa abambo, vuto ndi mpala wa lezala kapena mashini opanda chipeso omwe amakanikizidwa pakhungu. Amasiya timabala tosaoneka ndi maso. Ofufuza a ku Cape Town komweko atayeza mashini a ometa anapeza magazi pa ambiri, ndipo pa ena anapeza kachilombo ka matenda a chiwindi a mtundu wa B, koma HIV sanaipeze. Choncho wometa alibe chifukwa chothamangitsira kasitomala yemwe akumuganizira kuti ali ndi HIV. Amene ali pachiopsezo chachikulu pampandopo ndi kasitomala wodwalayo, yemwe khungu lake silingathe kulimbana ndi tizilombo tochokera m'mutu mwa mnzake. Kusiya katsitsi pang'ono m'malo mwa mpala, kuonetsetsa kuti mashini apukutidwa ndi burashi n'kuthiridwa sipiriti, lezala yatsopano nthawi zonse, kapena kukhala ndi mashini akeake, zimachepetsa mavuto ambiri a pankhongo.

Mashingozi nawo amatha kugwira m'mutu. Amayamba ndi ululu wotentha mbali imodzi yokha, kenako matuza omwe sadutsa pakati pa mutu. Amabwera chitetezo chikatsika, ndipo nthawi zina amatulukira m'miyezi yoyamba ya ma ARV pamene chitetezo chikudzuka, zomwe sizitanthauza kuti mankhwala alephera. Asaikulovira amathandiza kwambiri akayambidwa pasanathe masiku atatu matuza atatuluka. Matuza akafika pachipumi, pachikope kapena pansonga ya mphuno, diso lili pangozi ndipo munthu sayenera kugona kunyumba akudikira.

Wodwala yemwe akufuna thandizo lenileni pa tsitsi lake amapita kuchipatala atamasula maluko, asanapake mafuta, atanyamula chubu kapena botolo lililonse lomwe wakhala akupaka. Amakonzekeranso kuyankha funso lomwe dokotala wabwino adzafunse: chinachitika n'chiyani miyezi itatu tsitsi lisanayambe kugwa? Malungo aakulu, kubereka, kusintha kadyedwe, maliro a wapamtima, zonsezi zimawerengedwa. Wa shuga adzafunsidwa manambala ake a m'mawa asanadye, ndipo komwe kuli zipangizo adzayezedwa HbA1c, yemwe amaonetsa mmene shuga wakhalira m'miyezi itatu yapitayo. Kwa akuluakulu ambiri cholinga chimakhala kusapitirira 7 peresenti. Wa ma ARV yemwe wayamba kunenepa kwambiri, kumva ludzu losatha kapena kutuluka zithupsa mobwerezabwereza apemphe kuyezedwa shuga, chifukwa anthu akamakula ndi HIV matenda awiriwa akukumana m'thupi limodzi kawirikawiri. Ngati khungu layamba kung'anima, kapena mankhwala a kuchipatala chaching'ono atha mwezi osasintha kanthu, wodwala ali ndi ufulu wopempha kalata yopita kwa oona za matenda a pakhungu, omwe amapezeka m'zipatala zikuluzikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe.